Amake Tadala, mawa ndifika 6 koloko

Amake Tadala, alamu anu andiuza kuti ku Matawale amupeza ndi malungo mwanayo, komanso akutsegula m'mimba. Pepani ndithu. Musavutike ndi kuyankha, ingowerengani.

Mawa 6 koloko m'mawa ndikhala ndafika. Ndibwera ndi ufa wa phala wothira kale nsinjiro, ndiwo zophika, makala ndi mapaketi 2 a Thanzi. Matewera ndi nsalu zomwe wasanzira muunjike m'beseni pakhonde, ndikachapira kwathu. Mphatso ndimutenga azigona kuno mpaka Lachisanu, kusukulu azipita ndi anzakewa. Mungomuikira yunifolomu ndi makope m'jumbo.

Inu ntchito yanu ikhale mankhwala basi. LA amamwa ka 6 pa masiku 3. Poti woyamba wamwa 10 koloko m'mawa, wachiwiri ndi 6 koloko madzulo ano, pakhale maola 8. Mawa ndi mkuja, m'mawa ndi madzulo. Muzimupatsa atangoyamwa kapena atadya phala la nsinjiro, chifukwa LA amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta. Akasanza pasanathe mphindi 30, mupatseninso wina, ndipo mundiuze tikatenge wobwezera kuchipatala. Mawa mwina mudzamuona akusewera thupi litazizira, koma musasiyire panjira, malungo amabwerera. Panado pazidutsa maola 6, muyezo womwe akulemberani. Asipirini ayi, ngakhale wina akuuzeni zotani.

Thanzi paketi yonse musungunule m'lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, osati m'kapu, akachepa madzi mchere umachuluka n'kumupweteka. Botolo la theka la lita mudzaze kawiri. Akatsegula m'mimba, theka la kapu kapena kuposerapo, ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Wotsala akatha maola 24 mutaye. Bere musamumane. Ngati zinki sanakupatseni, ndikafunsa ine.

Tsono izi musadikire nazo kuti kuche: akakomoka kapena kuuma thupi, akamakana bere ndi madzi, akamasanza chilichonse, akamapuma mobanika, akalefuka osadzuka bwino, zikhatho zikayera, maso akalowa m'kati, kapena mukaona magazi m'chimbudzi. Pamenepo ndi ku Zomba Central basi. Mungondiflasha, foni ndigona nayo pamutu. Bambo a kuno galimoto aithira kale mafuta, kuchokera kuno kufika ku Chinamwali kwanuko si patali usiku. Buku la kuchipatala, mankhwala onse, zitenje 2 ndi kapu muikiretu m'chikwama panopa, tisamadzafunefune ndi tochi.

Ndatumiza kangachepe pa Mpamba ka sopo ndi mkaka, si ngongole. Lachitatu masana ndidzakhala naye ine Tadala kuyambira 1 koloko mpaka 4, inu mudzagoneko. Kumaso mwina mwasamba lero, koma ndikudziwa kuti simunadye.

Amake Yamikani