Samsung Galaxy A15: Kutsegula Katoni ndi Kuiunika Nditaigwiritsa Ntchito

(Kamera ili pa tebulo. Katoni yosatsegula ili pakati, risiti pambali pake. Thoko wakhala kuseri kwa tebulo, Yamikani akujambula.)

THOKO: Muli bwanji nonse? Ndine Thoko, ndipo kuseri kwa kamerako kuli achimwene anga a Yamikani. Lero tili ndi Samsung Galaxy A15, ya 4G, osati ya 5G.

(Akweza risiti, chala chaphimba dzina la sitolo.)

Foniyi ndagula ndekha ku Limbe, K385,000. Palibe kampani kapena sitolo yomwe yandipatsa kanthu, n'chifukwa chake dzina la sitolo ndaliphimba. Mtengowo musaugwire kwambiri. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafoni siikhazikika, ndiye poti muzionera vidiyoyi mwina yasintha kale.

Tisanang'ambe kalikonse, onani zomatira ziwirizi. Zikhale zosadulidwa, zosamatidwanso. Wogulitsa akakubweretserani katoni yotsegula kale n'kumati "tinangoyesa," mufunseni bwinobwino.

(Adula zomatira, atsegula.)

Nayi foni. Pansi pake pali kebulo, kapepala ka malangizo, ndi kapini kotulutsira simu khadi.

(Agwedeza katoni, aizondotsa.)

YAMIKANI: Basi?

THOKO: Basi, achimwene. Mulibe tchaja. Mulibe kava, mulibe zomvetsera za m'makutu. Ndipo taonani kebuloyi: mbali zonse ziwiri ndi USB-C. Ngati mutu wa tchaja womwe muli nawo kunyumba ndi wakale uja wa bowo lalikulu, kebuloyi silowa. Foniyi imalandira mawati 25, koma kuti muwaone mawati amenewo muguleso mutu wake wapadera. Mafoni ambiri a Tecno, Infinix ndi itel a mtengo ngati womwewu amabwera ndi tchaja ndi kava m'katoni momwemo. Ndiye poyerekeza mitengo m'sitolo, pa mtengo wa A15 muonjezerepo wa tchaja ndi wa kava, kenako muyerekeze.

(Kamera iyandikira manja. Ayatsa foni.)

Chinthu chimodzi muchite mukadali m'sitolo, ndalama musanapereke. Tsegulani poimbira, lembani `*#06#`. Ituluka nambala ya IMEI. Ifanane ndi yomwe ili pa katoni apa. Kenako lembani `*#0*#`. Pa mafoni a Samsung pamatuluka timabokosi toyesera sikirini, sipika, kamera ndi zina. Dinani lofiira, lobiriwira, labuluu, muone ngati palibe kadontho kakufa. Mafoni onamizira a Samsung alipo m'misika mwathumu, ndipo mphindi ziwiri zimenezi zikhoza kukupulumutsirani malipiro a mwezi.

Apa tiime kaye. Sindikufuna kukuuzani za batire la foni yomwe ndangoitulutsa m'katoni. Ndiyenda nayo kaye.

(Chithunzi chisintha. Tsiku lina, pakhonde. Foni ili mu kava, pa sikirini pali zala.)

THOKO: Tabweranso. Ndakhala nayo ngati foni yanga ya tsiku ndi tsiku, yakale ija ndinaitsekera m'dirowa kuti ndisamathawireko.

Ndiyambe ndi chomwe chandisangalatsa, sikirini. Ndi ya mainchi 6.5, ya mtundu wa AMOLED, ndipo pa mtengo uwu si zachizolowezi. Kusiyana kwake n'kotani? Sikirini wamba ili ndi nyale kumbuyo yomwe imayaka paliponse, ndiye chakuda chimaoneka chotuwa. Pa AMOLED kadontho kalikonse kamadziyatsa kokha, ndipo pakuda pamakhala pozimiratu. Achimwene, tayandikizani.

(Mafoni awiri ayandikana, onse akuonetsa chithunzi cha usiku.)

Kumanzereku ndi foni yanga yakale. Mwaona kutuwako? Kumanjaku ndi A15. Ndiponso chifukwa pakuda pamazima, mukaika foni pa maonekedwe akuda batire limapuma pang'ono. Zilembo n'zosalala, 1080 kwa 2340, moti ngati mumawerenga manotsi a kusukulu kapena Baibulo pa foni, maso satopa msanga. Padzuwa la masana ndimatha kuwerenga uthenga osabisa foni m'chitenje, koma sindinganene kuti imawala ngati mafoni odula aja. Imakwanira. M'mphepete mwa sikirini muli mzere wakuda wonenepa, makamaka kumunsiku, ndipo umaionetsa ngati foni yachikale. Ine sizikundivuta, koma ndikudziwa ena mumayang'ana zimenezo.

Batire ndi la 5,000 mAh. Ndikachotsa pa tchaja m'mawa, WhatsApp tsiku lonse, Facebook, kuimba, kutumiza ndalama, nyimbo mu minibasi, ndimafika usiku lisanathe. Tsiku lomwe magetsi anazima ndinaliumira, ndinachepetsa kuwala n'kuzimitsa data pomwe sindikuifuna, linandifikitsa mawa lake masana. Kudzaza ndi tchaja ya mawati 25 kumatenga pafupifupi ola ndi theka. Ndi tchaja wamba ya pamsika, muziika pogona.

Tsopano chomwe chandinyansa kwambiri, ndipo m'sitolo sakuuzani.

(Atulutsa kathireyi ka simu khadi, akaika pa chikhatho. Kamera iyandikira kwambiri.)

Mipata ndi iwiri. Woyamba ndi wa simu khadi. Wachiwiriwu ndi wa simu khadi ina kapena memole khadi. Kapena, osati zonse. Ndiye ganizirani mmene timakhalira kuno: ambirife tili ndi Airtel ndi TNM, wina akutumizira pa Airtel Money, wina pa Mpamba, bandulo timagula komwe yatsika mtengo sabata imeneyo, ndipo kumudzi netiweki imagwira imodzi. Simungasiye simu imodzi kunyumba. Ndiye memole khadi yanu ya nyimbo ndi zithunzi za ukwati ija ilowa pati? Palibe. Mudalira malo a m'kati mwa foni basi. Yangayi ndi ya 128 GB, n'zokwanira kwa anthu ambiri, koma ngati muli m'magulu a WhatsApp a kutchalitchi, a kumudzi, a kuntchito ndi a banki m'khonde, komwe aliyense amatumiza mavidiyo, muzimitse zoti zizidzitsitsa zokha, apo ayi mudzadabwa.

YAMIKANI: Nanga liwiro? Paja dzulo mumaidandaula.

THOKO: Ndifika pomwepo. M'katimu muli purosesa ya MediaTek Helio G99. Si yoipa, mafoni ambiri a mtengo uwu ali ndi yomweyi. Nkhani ili pa RAM. A15 imabwera ya 4 GB, ya 6 GB ndi ya 8 GB, ndipo yangayi ndi ya 4 GB. Mapulogalamu a Samsung ndi olemera, ndiye 4 GB imachepa. Onani.

(Atsegula kamera, Facebook, WhatsApp, Chrome, kenako abwerera ku Facebook. Tsamba liyambiranso.)

Mwaona? Yayambiranso pachiyambi, zomwe ndimawerenga zapita, ndipo kuyambiranso kumeneko kukudya bandulo. Siima, koma imazengereza, makamaka mukangotsegula kamera mwachangu kuti mujambule mwana akuchita zoseketsa. Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti ili ndi RAM Plus, ndiye RAM ndi yambiri. RAM Plus imangobwereka malo osungira zinthu aja, ndipo malowo ndi ochedwa kuposa RAM yeniyeni. Zili ngati kumangirira ngolo kumbuyo kwa njinga: katundu alowa, koma wopalasa ndi yemweyo. Ngati thumba likulola, tengani ya 6 GB. Werengani pa katoni, osamvera pakamwa.

Makamera kumbuyoku ndi atatu, koma ine ndimawerenga imodzi ndi theka. Yaikulu ndi ya mamegapikiselo 50, ndipo masana imajambula bwino ndithu.

(Zithunzi pa sikirini: tomato ndi mbatata pamsika, phiri la Ndirande chakumadzulo, nkhope ya Yamikani pamthunzi.)

Tomato wafiira ngati tomato, osati ngati wapakidwa penti. Chomwe ndimayang'ana kwambiri ndi khungu. Mafoni ena amatiyeretsa mpaka amayi ako kukufunsa ngati wayamba kudzola mafuta oyeretsa. Apa achimwene aoneka mmene alili.

YAMIKANI: Wokongola.

THOKO: Mmene alili, ndatero. Usiku ndi nkhani ina. M'nyumba ya babu limodzi zithunzi zimachita mchenga, ndipo munthu akasuntha pang'ono nkhope imapakika. Kamera yachiwiri, ya mamegapikiselo 5, ndi yojambulira malo aakulu, monga gulu lonse la kwaya. Onse alowa, koma a kumapeto simuwazindikira bwino. Yachitatu, ya mamegapikiselo 2, akuti ndi yojambulira tinthu tapafupi. Anangoiikapo kuti makamera akwane atatu. Yakutsogolo ndi ya mamegapikiselo 13, palibe chodandaula. Vidiyo imalekera pa 1080p, mulibe 4K, ndiye ngati mukufuna foni yojambulira maukwati kuti muzilipidwa, iyi si yanu.

Zina mwachangu. Bowo la zomvetsera za m'makutu lilipo. Chala chimawerengedwa pa batani la m'mbalili ndipo sichivuta. Sipika ndi imodzi, ili pansi, moti mukagwira foni chopingasa chikhatho chimaitseka. Thupi lake ndi la pulasitiki, kumbuyo kumagwira zala msanga, ndipo kampani sinalonjeze kuti imapirira madzi, ndiye nthawi ya dzinja muziisamala.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichioneka pa kamera koma kwa ine n'chimene chikulemera kwambiri. Foniyi inatuluka mu Disembala 2023 ndi Android 14, ndipo Samsung inalonjeza kuikweza Android kanayi ndi kutumiza zotchingira chitetezo kwa zaka 5. Mafoni ambiri a mtengo uwu amalandira kamodzi kapena kawiri, ena osalandira n'komwe. Kuno foni sitisintha chaka ndi chaka. Umaigwiritsa ntchito, kenako umapatsa mng'ono wako, iyenso n'kudzapatsa amayi kumudzi. Ndipo mufoni momwemo ndi momwe muli ndalama zathu masiku ano. Funso lomwe ndili nalo n'lakuti, kodi ya 4 GB idzanyamula Android wa zaka zitatu zikubwerazi osalira? Ndikukayika. N'chifukwa chake ndikubwereza za 6 GB zija. Kukwezako kumadyanso data yambiri, muzipangira pomwe pali Wi-Fi.

(Thoko aika foni pa tebulo.)

Ndiye mugule? Ngati mukufuna sikirini yabwino, batire la tsiku lonse ndi foni yoti mukhale nayo zaka zingapo, gulani, koma ya 6 GB, ndipo muwerengeretu ndalama ya tchaja. Ngati simungakhale opanda simu ziwiri ndi memole khadi nthawi imodzi, kapena ndalama zanu zathera pa mtengo wa foni basi, yang'anani Tecno kapena Infinix, mutulutse kathireyi m'sitolo momwemo muwerenge mipata. Ngati muli kale ndi A14 ndipo ikugwira ntchito, sungani ndalama zanu.

YAMIKANI: Inuyo muisunga?

THOKO: Ndiisunga. Memole khadi ndakupatsani inu kale, si choncho? Amene muli ndi ya 6 GB kapena ya 8 GB, tiuzeni ngati nanunso Facebook imayambiranso mukabwererako, chifukwa imeneyo sindinaiyese. Tionana. Zimitsani, achimwene.