Katundu wa ulendo wa kuphiri la Domwe, Angonia

Anzanga, tilipo 6, masiku 3, kugona kawiri. Tinyamukira pa Ulongwe Lachisanu m'mamawa.

Aliyense wake: bulangete, juzi yokhuthala (Julayi kuno kumazizira, musadzati sindinanene), nsapato zozolowera phazi osati zatsopano, tochi, mbale, kapu, botolo la malita 2, chitupa.

Zogawana, chifukwa n'zolemera:
- Matenti 2 a anthu atatuatatu. Wina nsalu, wina mitengo ndi zikhomo. Wonyamula nsalu asapatsidwenso mphika.
- Miphika 2, wa nsima ndi wa ndiwo, mthiko, chipande.
- Ufa makilo 6, m'matumba atatu kuti usalemere munthu mmodzi.
- Usipa, soya, mchere, mafuta, shuga, masamba a tiyi. Nyemba zisiyeni, zimatha nkhuni ndi madzi.
- Chigubu cha malita 10, chikwere chopanda kanthu, tikatunga kumtsinje ndi kuwiritsa.
- Chikwanje, machesi m'pulasitiki, bandeji, mankhwala a mutu, thanzi.

Tikachuluka kufika 8, tionjezere tenti ndi ufa makilo 2. Miphika ikhala yomweyo. Tikagona kamodzi kokha, ufa ndi ndiwo theka, koma bulangete lisatsale.