Delivetivu ndi liwiro la minibasi ya ku Ekwendeni

Ophunzira ambiri amene ndimawathandiza kalikulasi amadziwa kale kuti delivetivu ya t² ndi 2t. Amatsitsa 2 ali pamwambayo, nkuchotsapo 1, basi yankho latuluka. Koma ukawafunsa kuti 2t ameneyo akuyeza chiyani, m'kalasi mumangoti zii. Phunziro ili ndi la funso limenelo, ndipo tiligwira ndi minibasi yochoka mu depoti ya Mzuzu kupita ku Ekwendeni pa msewu wa M1.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 20. Tinene kuti minibasi yathu yatenga mphindi 40. Liwiro lake ndi mtunda kugawa ndi nthawi: makilomita 20 m'mphindi 40 ndi makilomita 30 pa ola. Koma amene anakwerapo angaseke mutamuuza kuti minibasi inkayenda 30 njira yonse. Potuluka m'tauni inkangokwawa, kondakitala ali pakhomo kuitanira anthu. Pa Luwinga, pafupi ndi geti la Mzuni, inaima ndithu kutsitsa ophunzira nkumadikira mayi wina amene anali kutsidya kwa msewu ndi thumba la mbatata. Itatuluka m'tauni dalaivala anaponda moto kuti abweze nthawi. Tsono 30 uja ndi avereji chabe, liwiro limene ikanayenda ikanakhala kuti sinasinthe mayendedwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Wapolisi wa pamsewu akakuimitsani ndi kamera yake ya liwiro safunsa za avereji. Dalaivala atati, “Bwana, chichokereni mu depoti ndayenda 30 yokha,” sizingamupulumutse. Chimene wapolisi akufuna ndi liwiro la pa nthawi imene galimoto inadutsa pamene iye waima. Apa ndi pamene mutu umayamba kuwawa. Liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi, koma pa kamphindi kamodzi kenikeni nthawi siinadutse ndipo minibasi sinasunthe. Mtunda ndi 0, nthawi ndi 0, ndipo 0 kugawa ndi 0 si nambala iliyonse. Komabe muvi wa sipidomita ukuloza penapake. Delivetivu ndi njira yopezera nambala imene muviwo ukuloza popanda kugawa ndi 0.

Tiyeni tiionere pafupi minibasi ikunyamuka pa siteji ya Luwinga. Kondakitala wamenya chitseko, dalaivala waika giya. Ndasankha manambala osavuta: mtunda s m'mamita, nthawi t m'masekondi, ndipo kwa masekondi 6 oyambirira

```
s = t²
```

Pakatha sekondi 1 yayenda mita 1, pa masekondi 2 mamita 4, pa 3 mamita 9, pa 4 mamita 16. Sekondi iliyonse ikudya mtunda wochuluka kuposa ya m'mbuyo mwake: 1, kenako 3, 5, 7. Ndiko kuwonjezera liwiro kumeneko. Funso lathu nali: pa t = 3 penipeni ikuthamanga bwanji?

Tiyambe ndi zimene tingathe, avereji. Kuchokera pa sekondi 3 kufika pa 4 yayenda 16 − 9 = 7 mamita m'sekondi imodzi. Yankho la 7 lakula, chifukwa chakumapeto kwa sekondiyo inali itathamanga kale kuposa poyamba. Tichepetse nthawi yoyezera. Kuchokera pa 3 kufika pa 3.5 mtunda ndi 12.25 − 9 = 3.25, kugawa ndi 0.5 tipeza 6.5. Tichepetsenso:

```
3 → 4       7/1          = 7
3 → 3.5     3.25/0.5     = 6.5
3 → 3.1     0.61/0.1     = 6.1
3 → 3.01    0.0601/0.01  = 6.01
2.9 → 3     0.59/0.1     = 5.9
```

Onani bwino zimene zikuchitika. Mtunda ukucheperachepera, nthawi nayo ikucheperachepera, koma zotsatira za kugawako sizikutha ayi. Zikuunjikana pa 6, kuchokera kumwamba tikayeza kutsogolo, kuchokera kumunsi tikayeza kumbuyo. Chifukwa chake nchakuti m'kanthawi kochepa kwambiri minibasi sipeza mpata wosinthira liwiro kwenikweni, ndiye avereji ya kanthawi kameneko imayandikira liwiro lenileni la pamenepo. Nambala imene ma avereji akuyandikirayi timaitcha limiti, ndipo ndiyo delivetivu pa t = 3: mamita 6 pa sekondi. Chulukitsani ndi 3.6 mupeza makilomita 21.6 pa ola, zimene sipidomita ingaonetse.

Tebulo likhoza kungotikopa mtima, koma aljebura ndiye imatsimikizira. Kanthawi koyezera kaja tikatche h:

```
((t + h)² − t²) / h = (2th + h²) / h = 2t + h
```

Taloledwa kugawa ndi h chifukwa h si 0. Ndi nthawi yeniyeni, ngakhale yochepa. Tikagawa patsala 2t + h, ndipo nchoonekeratu kuti h akamachepa zonsezi zikuyandikira 2t. Ikani t = 3 ndi h = 0.1 mupeza 6.1 yemwe uja wa m'tebulo. Choncho 2t amene mumamupeza potsitsa 2 si matsenga a m'buku. Ndi lamulo lokuuzani liwiro pa sekondi iliyonse: pa t = 1 mamita 2 pa sekondi, pa t = 6 mamita 12 pa sekondi, amene ndi makilomita 43.2 pa ola. Timalemba motere:

```
v = ds/dt = 2t
```

Kalembedwe ka ds/dt nka Gottfried Leibniz, amene anasindikiza njira yake mu 1684. Isaac Newton anali atapeza zomwezi payekha cha m'ma 1665 ndi 1666, ndipo iye ankaganizira ndithu za zinthu zoyenda. Ine ndimakonda kalembedwe ka Leibniz chifukwa sikakulolani kuiwala kumene nkhani yachokera: kusintha pang'ono kwa s pamwamba, kusintha pang'ono kwa t pansi, mamita pa sekondi. Ndipo ngati zoti h si 0 koma kenako tikumutaya zikukusowetsani mtendere, simuli nokha. George Berkeley anadzudzula zimenezi mu 1734, ndipo nkhaniyi inadzakhazikika bwino m'zaka za m'ma 1800, Augustin-Louis Cauchy ndi Karl Weierstrass atalongosola limiti mosasiya mpata. Sitinena kuti h wasanduka 0. Tikunena kuti mungayandikire 6 mmene mungafunire, bola muchepetse h mokwanira.

Pa girafu ya mtunda ndi nthawi, avereji iliyonse ndi kupendekeka kwa mzere wolumikiza malo awiri. Malo achiwiriwo akamasendera kwa oyamba, mzere umasanduka tanjenti, wongokhudza girafu pamalo amodzi. Kupendekeka kwa tanjenti ndi delivetivu. Minibasi itaima pa Luwinga kudikira mayi wa mbatata uja, girafu yagona chopingasa ndipo delivetivu ndi 0, ngakhale kuti mtunda wochokera ku depoti si 0. Delivetivu siyeza kumene mwafika. Imayeza mmene kumene mwafikako kukusinthira.

Tsopano wina wafuula kumbuyo, “Wotsika!” Minibasi ikuyenda mamita 12 pa sekondi ndipo dalaivala waponda buleki. Tiyambirenso kuwerenga nthawi ndi mtunda pamene wapondapo:

```
s = 12t − 1.5t²
v = ds/dt = 12 − 3t
```

Dziyesereni nokha ndi h ngati mmene tachitira pamwambapa. Mupeza 12 − 3t − 1.5h. Liwiro ndi 12 poyamba, 9 pakatha sekondi imodzi, 6, 3, ndipo pa t = 4 ndi 0. Yaima. Ikani t = 4 mu s: 48 − 24 = 24 mamita. Chinthu chimene ambiri sachiyembekezera nchakuti pa t = 2, theka la nthawi, yayenda kale mamita 18 mwa 24 aja. Mamita 6 otsalawo amatenga masekondi awiri athunthu, nchifukwa chake kuima kumaoneka ngati kukuchedwa chakumapeto.

Liwiro nalo ndi chinthu chosintha, ndiye lilinso ndi delivetivu yake. Ponyamuka v = 2t, choncho dv/dt = 2: sekondi iliyonse liwiro likukwera ndi mamita 2 pa sekondi. Pa buleki dv/dt = −3. Imeneyi ndi akiselereshoni, ndipo ndi imene thupi lanu limamva. Minibasi ikamayenda liwiro losasintha pa msewu wowongoka, kaya ndi 30 kaya 80, palibe chokukankhani. Ikanyamuka msana umakanikizika ku mpando. Akaponda buleki mawondo amagunda mpando wakutsogolo ndipo mumagwira chitsulo. Pamenepo mwamva delivetivu yachiwiri ya mtunda.

Apa ndi pamene ophunzira amataya mamalikisi kwambiri. Akaona −3 amalemba kuti minibasi ikubwerera m'mbuyo. Ayi. Imene imanena kumene galimoto yalowera ndi ds/dt, ndipo kwa masekondi 4 onsewo ili pamwamba pa 0, kutanthauza kuti mtunda ukukulabe. Chimene chikuchepa ndi liwiro. Muzidzifunsa nthawi zonse kuti delivetivu ili patsogolo panu ndi ya chiyani, ya mtunda kapena ya liwiro. Komanso musaike t = 5 mu fomula ya buleki. Ikupatsani v = −3, ngati kuti minibasi yayamba kubwerera ku Mzuzu, pamene buleki sakankhira galimoto m'mbuyo. Fomulayo imathera pa t = 4.

Pali chinanso chimene masamuwa amaulula. Dalaivala akanakhala kuti akuyenda mamita 24 pa sekondi, kuwirikiza kawiri, ndi buleki yemweyo, v = 24 − 3t ndipo akanaima pa t = 8. Mtunda ndi 192 − 96 = 96 mamita. Liwiro lawirikiza kawiri, mtunda woimira wawirikiza kanayi, ndipo sitinawerengere nthawi imene phazi limatenga kuti lifike pa buleki, kapena msewu woterera ndi mvula ya kuno ku Mzuzu.

Minibasi ndi chitsanzo chabe. M'malo mwa mtunda ikani madzi olowa mu thanki, delivetivu ikhala malita pa mphindi. Ikani kutentha kwa tiyi, ikhala madigiri pa mphindi, ndipo ikhala pansi pa 0 chifukwa tiyiyo akuzizira. Njira ndi yomweyo: kusintha kwa chinthu kugawa ndi kusintha kwa nthawi, kenako kuchepetsa nthawiyo.

Ntchito yoti mubwere nayo Lolemba: minibasi ina, yodzadza kwambiri, ikunyamuka motsatira s = 0.5t². Pangani tebulo la ma avereji pa t = 4 pogwiritsa ntchito h = 1, 0.1 ndi 0.01, muone nambala imene akuyandikira. Kenako pezani ds/dt ndi aljebura, osati potsitsa 2, ndipo munene sekondi imene sipidomita ifike pa makilomita 36 pa ola.