Pempho lojambula makanema a sitolo yanu ku Ulongwe

Bambo, ndine wojambula makanema wa konkuno ku Ulongwe. Ndikupempha kuti ndizikukonzerani makanema 4 pamwezi otsatsa katundu wa m'sitolo mwanu, iliyonse ya masekondi 30. Ikatalika, anthu aitseka isanathe poopa kutha kwa bandulo, komanso WhatsApp imachepetsa kuwala kwake.

Ndizibwera kawiri pamwezi, m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa masana malata amanyezimira ndipo sawoneka bwino pakanema. Phokoso la njinga zamoto pamsewu limawononga mawu, choncho mawuwo ndizijambulira kunyumba m'Chichewa, mitengo ndikulemba m'Chipwitikizi.

Malata, simenti ndi misomali tiziziika patsogolo kuyambira Meyi, alimi akagulitsa mbatatesi ndi chimanga n'kuyamba kumanga. Mu Okutobala tisinthe: makasu, mapampu opopera mankhwala, mapepala apulasitiki ofolerera nyumba. Mtengo wa simenti usalowe m'kati mwa kanema, umasintha msanga. Tiziulemba pansi pake.

Ndikupempha mametikali 6,000 pamwezi, theka poyamba kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Kukonzanso kamodzi n'kwaulere. Mukavomera, ndibwere Lachiwiri tiyambe ndi malata.