Pempho Loti Mundilembere Zimene Wogulitsa Wanu Anandilonjeza Pakamwa

Limbuli
Mulanje

14 Julayi 2025

Kwa Bwana Manijala
Shopu ya Zipangizo za Sola
Chitakale, Mulanje

Okondedwa Bwana,

Ine ndine mmodzi mwa makasitomala anu, mlimi wa tiyi kuno ku Limbuli. Loweruka pa 7 Juni chaka chino ndinatenga sola pangongole kudzera kwa mnyamata wanu wogulitsa, amene anaimika njinga yamoto pamsika n'kumaonetsa katundu. Ndinatenga panelo imodzi, batire, mababu anayi ndi wailesi. Ndinapereka K85,000 yoyambira, ndipo tinagwirizana kuti ndizilipira K32,000 pamwezi kwa miyezi 18 kudzera pa Mpamba. Ya mwezi woyamba ndinatumiza pa 5 Julayi, uthenga wake ulipo pafoni.

Sola ikugwira bwino, sindikudandaula za katundu ayi. Ana akuwerenga usiku, ndipo tinasiya kugula mabatire a tochi. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi mawu awiri amene mnyamatayo ananena ndisanatulutse ndalama.

Oyamba anali akuti batire ikafa pasanathe zaka ziwiri, mudzandipatsa ina popanda kulipira kalikonse, ndiponso amisiri anu adzabwera okha kunyumba kudzasintha. Achiwiri ndi amene anandikopa kwambiri. Ndinamufotokozera kuti ife a tiyi ndalama zimaoneka nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, pamene masamba akuphukira msanga. Miyezi yozizira ndi yachilimwe timathyola pang'ono, dengu silidzaza, ndipo malipiro amatsika. Ndinamufunsa maso ndi maso kuti, "Nanga nditalephera mwezi umodzi, simudzandithimitsira?" Iye anayankha kuti pachaka ndili ndi mwayi wochedwa masiku 30 kamodzi, magetsi osatsekedwa, komanso popanda chindapusa. Anabwereza kawiri, mlamu wanga ali pomwepo atagwira katoni ya panelo.

Tsiku limenelo ndinasayina fomu pa chishalo cha njinga, anthu atatiunjikira, ndipo kunena zoona sindinawerenge zonse. Zilembo zake n'zing'onozing'ono komanso zili m'Chingerezi. Sabata yatha mwana wanga wa Fomu 3 anandiwerengera mzere ndi mzere, akumasulira. Za batire pangolembedwa miyezi 12. Za masiku 30 aja palibe paliponse. Mmalo mwake pali mawu akuti ndikachedwa masiku asanu, makina adzadzitseka okha mpaka nditalipira. Mtima wanga sunakhale m'malo kuyambira usiku umenewo.

Ndinamuimbira mnyamatayo kawiri. Ulendo woyamba anati ndisadandaule, ku ofesi akudziwa. Ulendo wachiwiri foni sinayankhidwe. Sindikunena kuti anandinamiza. Mwina zimene ananena ndi malamulo anu enieni amene sanalowe mufomu yakale. Koma iye mawa akhoza kusamutsidwa kupita ku Luchenza kapena kusiya ntchito, ndipo amene adzakhale pampando wake adzandifunsa pepala, osati mlamu wanga.

Nkhani ya batire ikundikhudza kwambiri chifukwa cha nyengo yathu ino. Inu nomwe muli pa Chitakale mukudziwa chiperoni: phiri silioneka masiku atatu anayi, kamvula kakuwaza, dzuwa osatuluka. Sabata yoyamba ya mwezi uno mababu amazima isanakwane 9 koloko. Batire yomwe ikutheratu moto kawirikawiri chonchi imatopa msanga, choncho kusiyana kwa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri si nkhani yaing'ono kwa ine, makamaka poti ngongoleyo ndidzakhala ndikulipirabe miyezi 12 ija itadutsa.

Pempho langa ndi ili: mundilembere kalata papepala la kampani yanu, yosayinidwa ndi inu ndiponso yodindidwa, yonena kuti batire idzasinthidwa mwaulere mpaka pa 7 Juni 2027, komanso kuti masiku 30 aja ndili nawodi ndipo ndidziwitse ndani ndikafuna kuwagwiritsa ntchito. Ngati n'kotheka ikhale m'Chichewa kuti ndiziwerenga ndekha. Ngati malonjezowa kampani siikuwadziwa, chonde mundiuzenso molemba, kuti tikhale pansi tione ngati ndipitirize kapena ndibweze katundu. Ndikufunitsitsa kuti tithane pakati pathu, isachite kufika ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission.

Ndidzafika ku shopu kwanu Lachinayi pa 31 Julayi m'mawa kudzatenga yankho, tsiku lolipira la Ogasiti lisanakwane. Ndaphatikiza fotokope ya lisiti ndi ya fomu. Zenizenizo ndidzabwera nazo.

Ine wanu,

Mayi Esinati Makwinja