Sindili mu ofesi, ndibwerera pa 7 Julayi 2026

Zikomo polemba. Kalata yanu yafika, koma ine ndili patchuthi kuyambira Lolemba pa 22 Juni kufikira Lachisanu pa 3 Julayi. Lolemba pa 6 Julayi ofesi idzakhala yotseka chifukwa ndi tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, choncho ntchito ndidzayamba Lachiwiri pa 7 Julayi, 7:30 m'mawa. Masiku onsewa sindiwerenga imelo, ndipo foni yantchito ndaisiya mu ofesi.

Nkhani ya maoda a mbatatesi ndi nyemba isadikire ine. Imbani nambala ya ofesi imene mumaimba nthawi zonse, mupemphe wachiwiri wanga pa nambala yam'kati 14, kapena mufike ku chipinda 3, moyang'anizana ndi sikelo. Amapezeka Lolemba mpaka Lachisanu, 7:30 m'mawa kufikira 4:30 madzulo. Muwauze nambala ya oda, kuchuluka kwa matumba a makilogalamu 50 ndi tsiku limene galimoto idzabwere. Nambala ya oda musaiwale chonde, popanda iyo alonda salola galimoto kulowa kunkhokwe. Amene mukutumiza galimoto kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, dziwitsani kutatsala masiku 2 kuti matumba asokedwe ndi kuyezedwa isanafike.

Za malipiro ndi malisiti, funsani akawunti pa nambala yam'kati 11. Mapangano atsopano ndi kusintha mitengo zokha ndiye zidikira siginecha yanga.

Makalata ndidzayankha motsata tsiku limene anafikira, ndipo onse ndidzakhala nditawayankha pofika Lachisanu pa 10 Julayi. Palibe chifukwa chotumizanso kachiwiri.

Ine wanu,
Woyang'anira nkhokwe ndi malonda
Dedza boma