Zikomo kwa nonse otibweretsera katundu, talowa 2025

Moni nonse abale, makolo anga ndi anzanga a geni, mwalowa bwanji chaka chatsopanochi? Ife kuno ku Ulongwe talowa bwino, Mulungu watisunga. Ndati ndilembe uthenga umodzi kwa nonse amene mumabweretsa katundu pa baraka yathu ya nsima ndi chipisi ija ya pafupi ndi pokwerera ma shapa, chifukwa kuimbira aliyense payekha mayunitsi sangakwane komanso zina zimavuta kunena pamaso.

2024 inatipweteka tonse, mukudziwa nokha. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, madera akumunsi ku Zambezi anthu sanakolole kanthu, ndiye chimanga chathu cha ku Angonia kuno aliyense amachifuna, mtengo kumangokwera. Ine mbale ya nsima sindikanakweza tsiku ndi tsiku chifukwa odya pano ndi ma kondakitala, onyamula katundu ndi amayi apamsika, ukakweza pang'ono basi amagula chigumu nkumwera madzi. Kenako zisankho za pa 9 Okutobala zitadutsa kunabwera zionetsero zija, misewu kutsekedwa, intaneti kudulidwa, magalimoto ochoka ku Tete osafika, masiku ena timatsegula mmawa nkutseka dzuwa lisanafike pamutu poto wa nyemba ali chidzadzire.

Nthawi imeneyo ndimomwe ndinakudziwirani bwino anthu inu.

Amayi anga a mbatatesi a ku Tsangano, ndiyambe ndi inu. Mu Novembala ndinakuuzani kuti musabweretse chifukwa ndalama ndilibe, inu munabwerabe ndi matumba awiri pa njinga yamoto ya mwana wanu, mwafumbi lonse lija, munatsitsa kuseri kwa khitchini nkunena kuti phikani mwana wanga tidzawerengerana zikakhala bwino. Simunalembe ngakhale papepala. Ndipo mbatatesi yake simunandisankhire yotsalira ayi, inali ikuluikulu yofiira ija yomwe makasitomala amaikonda pa chipisi, pamene mukanatha kukagulitsa kwa ogula a kashi. Inunso muli ndi ana asukulu, fetereza amakudikirani, zimenezo ndikuzidziwa ndipo sindidzaiwala.

Achimwene a kapenta ndi chikowa cha ku Cahora Bassa, ulendo wanu ndi wautali kuposa wa tonse, kuchoka ku damu kudutsa pa Tete mpaka kukwera mapiri kuno. Ulendo uja munagona panjira msewu utatsekedwa munandiimbira usiku kuti ndisadandaule nsomba zili bwino mwazifunditsa lona, ine mmalo mwake ndimadandaula za moyo wanu. Zikomo achimwene.

Patarawu athu aku sitolo yaikulu ku Tete, mafuta ophikira, mchere, shuga ndi sopo munapitiriza kutumiza ngakhale ngongole yanga inadutsa malire omwe tinapangana, ndipo mtengo ukafuna kukwera mumandiuziratu kuti nditengeko zigubu ziwiri msanga. Abambo oyendetsa shapa amene mumandinyamulira zigubuzo, nthawi zina osandilipiritsa, Ambuye akudalitseni pamsewupo. Azakhali a nyemba aku Domwe, anyamata amakala, abambo a mbuzi amene mumafika mbandakucha nyama ikadali yotentha, amayi a tomato ndi kabichi akudimba, nonsenu ndikuthokoza kuchokera pansi pamtima. Antchito anga atatu sindinachotse ndi mmodzi yemwe, malipiro amachedwa koma amalandira, ndipo zimenezi zatheka chifukwa cha kudikira kwanu.

Tsopano za ngongole ndinene poyera kuti wina asagone ndi nkhawa. Amakala, atomato ndi abambo a mbuzi tinamalizana Khrisimasi isanafike. Amayi aku Tsangano kwatsala 3,500 metikali, ndikutumizirani pa M-Pesa pofika pa 15 Januwale. Achimwene ansomba yanu yotsala mudzaipeza mukabwera ulendo woyamba. Patarawu yanu ndi yokulirapo, ndikupempha ndiigawe pawiri, theka kumapeto kwa Januwale theka kumapeto kwa Febuluwale, ngati sizikukuyenderani ndiimbireni tikambirane. Aliyense amene akuona kuti kabuku kanga ndi kake sizikugwirizana abwere tikhale pansi tiwerengere limodzi, palibe kukwiyirana.

Miyezi ya njala ndi ino tikulowayi, ndikudziwa katundu avuta mpaka anthu ayambe kudya zakumunda, ndiye mtengo ukasintha ingondiuzani musananyamuke, ndipo ine katundu wochepa ndizilipira pompo. Wina akabwera ndi mtengo wotsikirapo ine sindikusiyani, ndidzayamba ndafunsa inu.

Baraka tikutsegula Lolemba pa 6 Januwale. Sabata imeneyo ndikufuna matumba awiri a mbatatesi, ndowa ya nyemba, makala matumba atatu ndi mbuzi Lachitatu. Tsiku lomwe mudzabweretse katundu musadzathamange kubwerera, mudzakhale pansi mudye nsima ya mbuzi yaulere, ndi oyendetsa njinga omwe.

Moni kwa onse kunyumba, ana ndi agogo. Chaka chabwino cha 2025, mvula itigwere bwino ndipo dziko lathu likhale pamtendere.

Ndine mwana wanu komanso mlongo wanu,
mayi wa pa baraka ya nsima, Ulongwe